Kodi kulipira Midjourney madola 10 pamwezi n'kwaphindu pojambulitsa chitetezo mbaula?

Nangozo: Abale ndithandizeni nzeru. Gulu lathu la amayi limaumba chitetezo mbaula, ndipo tikufuna zithunzi zooneka bwino zoika pa kapepala kotsatsira malonda. Mphwanga ali ndi Midjourney, pulogalamu yopanga zithunzi kuchokera pa mawu amene walemba, tinayesa pa foni yake. Titalemba dzina la mbaula yathu inatipatsa mbaula yachitsulo ya makala, yothina m'chiuno ija. Titalemba `clay stove` kunatuluka uvuni wozungulira pamwamba wokhala ndi chumuni. Mbaula yathu siili choncho ayi. Mwezi wa mphwanga ukutha, ndiye funso n'lakuti tilipire tokha tipitirize, kapena ndalamayi ingopita m'madzi?

Wa ku Ndirande: Musayerekeze mayi. Ine mnyamata wina anandiuza kuti ali ndi akaunti yogawana, nditumize K15,000 pa foni. Ndinatumiza, pasiwedi inagwira Loweruka lokha, Lolemba nambala yake osapezekanso. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Bambo a Tadala: Pepani achimwene, koma amene anakuberani ndi munthu, osati pulogalamu. Mayi Nangozo, vuto la zithunzi ziwiri zija n'limodzi: mwaipatsa dzina, pomwe iyo zithunzi za mbaula yanu sinazione zambiri. Ikasowa chochita imatola chinthu chapafupi chomwe imachidziwa, n'chifukwa chake mwalandira ya makala ndi uvuni. Siyani dzinalo, fotokozani thupi lake. Ndi yaitali bwanji poyerekeza ndi kukula kwa kukamwa? Khomo la nkhuni lili pati? Poto amakhala pa chiyani?

Nangozo: Ili ngati ndowa yadothi yochindikala, yotsegula pamwamba. Kutalika ndi kukula kwa kukamwa n'zofananako. Khomo la nkhuni ndi limodzi, kutsogolo chakumunsi. Pamwamba pali timafuwa titatu ta dothi lomwelo pokhazika poto, m'mbali muli zogwirira ziwiri ndi timabowo ta mpweya.

Bambo a Tadala: Eya, zimenezo ndiye zoyenera kulemba. Yambani ndi thupi ndi khomo basi, zina zidikire:

```
open-top fired clay cylinder, thick walls, as wide as it is tall, one arched opening at the front base --ar 4:5
```

`--ar 4:5` ikungonena mulifupi ndi mulitali mwa chithunzi. Imakupatsani zithunzi zinayi. Musayang'ane kukongola, yang'anani thupi lokha. Likakhala bwino, onjezani chinthu chimodzi, `three clay pot rests on the rim`, muonenso. Kenaka zogwirira, kenaka timabowo. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi chithunzi n'kuipa, simudziwa kuti mawu olakwa ndi ati.

Shasha wa ku Joni: Zonsezi n'zovutikira chabe. Ine ndimalipira ChatGPT Plus madola 20 mwezi ndi mwezi, sindimva n'kuwawa komwe. Mabotolo anga a mafuta odzola amatuluka kamodzi n'kamodzi. Makasitomala a ku Sandton amaganiza kuti ndili ndi situdiyo.

Mai a Chiku: Botolo aliyense amalidziwa achimwene, ngakhale makina. Tajambulitsani mbaula tione.

Shasha wa ku Joni: Sindigulitsa mbaula ine.

Nangozo: Bambo a Tadala, tayesa madzulo ano. Thupi latuluka bwino ndithu, ndasangalala. Koma titaonjeza timafuwa, chithunzi china chabwera ndi tinayi, china tasanduka miyendo pansi pa mbaula. Komanso chumuni chabweranso titalemba `without chimney`.

Bambo a Tadala: Chumuni mwachiitana nokha. Pulogalamuyi ikaona dzina la chinthu m'chiganizo imakonda kuchijambula, ngakhale mwalemba kuti chisakhalepo. Chotsani mawuwo, m'malo mwake ikani kumapeto `--no chimney, legs, dome`. Koma samalani, musalembe `--no metal handles`, chifukwa ikhoza kuwerenga mawu awiriwo padera n'kukuchotserani zogwirira zomwe mukuzifuna. Za miyendo, n'chifukwa choti zinthu zitatu zochirikiza imazizolowera zili pansi. Nenani malo ake momveka, ndipo kamera iyang'ane kuchokera chakumwamba kuti mkombero uoneke:

```
three small clay knobs on the inner top rim, seen from slightly above
```

Kuwerenga kokha ndiye ndi matenda ake. Mukapempha zitatu nthawi zina imapereka zinayi, palibe mawu amene amathetseratu zimenezo. Mumangosankha chomwe chalondola pa zithunzi zinayi zija.

Kamnyamata ka IT: Njira yachidule ndi `--seed`. Ikani nambala imodzi, mwachitsanzo `--seed 1234`, maonekedwe amakhomeka, sasinthanso ngakhale muonjezere mawu. Ndipo mtengo si madola 10, ndi 8.

Bambo a Tadala: Madola 8 ndi pamene mwalipiriratu chaka chonse, pamwezi ndi 10. Nambala ya `--seed` ija imathandiza poyerekeza, chifukwa zithunzi zimayambira pamalo amodzi, koma siikhoma maonekedwe. Mukasintha mawu chithunzi chimasinthabe. Chimene chimathandiza kwambiri ndi kutsitsa `--stylize`. Imakhala pa 100 mukapanda kuikhudza, ikani 50 kapena kutsikirapo, ileke kukongoletsa za m'mutu mwake.

Kamnyamata ka IT: Kwa ine imagwira.

Gogo Phiri: Mbaulazo mukugulitsa zingati? Mumafika nazo ku Mponela?

Mai a Chiku: Ine ndinene zoona, nkhani yonseyi ikundidabwitsa. Mbaula ili pakhomo, foni ili m'manja. Yalani nsalu yoyera pakhonde m'mawa dzuwa lisanakwere, jambulani, chotsani zakumbuyo ndi remove.bg kapena Photoroom. Ndimachita choncho ndi madengu anga, ndimangoononga bandulo. Wogula akalandira katundu amapeza chomwe anaona pa chithunzi. Nanga mukatsatsa ya timabowo tosiyana ndi yanu, akabwera kudzadandaula muwauza chiyani?

Bambo a Tadala: Apa mayi anena zolondola, ndipo chithunzi chenichenicho chimafunikabe ngakhale mulipire. Mawu okha amakufikitsani pa mbaula yofanana ndi yanu, osati yanuyo. Gawo lotsatira ndi kuika chithunzi cha foni pamodzi ndi mawu aja, n'kukweza mphamvu yake ndi `--iw 2`. Thupi limayandikira kwambiri. Komabe imajambula mwatsopano, ndiye khomo likhoza kukula pang'ono, zogwirira n'kusuntha. Poyesa ikani zithunzi ziwirizo pambali, muone ngati khomo likufika pamene limafika pa yeniyeni, muwerenge timafuwa ndi timabowo. Ndikanakhala ine, pa kapepala ka mitengo ndikanaika chithunzi chenicheni. Midjourney ndikanaisiyira chithunzi cha khitchini, moto ukuyaka, poto ali pamwamba, pomwe kabowo kamodzi sikasokoneza malonda.

Wa ku Ndirande: Ndipo mulipira ndi khadi yanji? Madola akusowa chonchi, khadi yanga inakanidwa, n'chimene chinandipititsa kwa wakuba uja. Mukawerengera dola ya pamsewu, madola 10 amenewo ndi mbaula zingati?

Shasha wa ku Joni: Tumizani kwa ine ndikulipirireni, ndi nkhani yaing'ono.

Wa ku Ndirande: Uja anayambanso chonchi.

Nangozo: Zikomo nonse. Taika chithunzi cha foni ndi `--iw 2`, timafuwa tatuluka titatu ndipo chumuni chachoka. Chatsala ndi khomo, likutuluka lalikulu moti nkhuni zikuoneka ngati zigwa. Amayi a pagulu agawanika, ena akuti tilipire mwezi umodzi titenge zithunzi za khitchini tisiye, msungichuma akuti ndalamayo ikagule nkhuni zootchera mbaula. Bambo a Tadala, khomolo tilichepetse ndi mawu ati?

Bambo a Tadala: Yesani `small opening, one third of the height`, koma muyeze kaye lenileni ndi tepi. Likakanabe, musayambirenso chithunzi chonse, sankhani khomo lokhalo mu Editor ya Midjourney mulijambulitsenso palokha.

Gogo Phiri: Mtengo wa mbaula sindinayankhidwe.