Kalata yofunsira malo a MPH: ndilembemo za kuwodi kapena ndizisiye?

Namwino wa pachipatala cha boma: Anzanga, ndikufunsira malo a MPH, digiri ya masitazi ya zaumoyo wa anthu, ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndiponso kusukulu ina ya kunja, ndipo kalata yodzifotokoza yandiimitsa mutu. Ndinayamba ndi mawu akuti kuyambira ndili mwana ndimakonda kuthandiza odwala. Amene anandiwerengera akuti ikumveka ngati ndikufunsira unamwino kachiwiri. Chimene chinanditembenuza mtima ndi kolera ya 2022 mpaka 2023, pamene ndinkagwira ntchito kutenti. Ndiyambire pati?

Namwino wa kuchipinda cha opaleshoni: Achemwali, za kuwodizo chotsani zonse. Anthu osankha ophunzirawo safuna kumva za madiripi, amafuna manambala ndi kafukufuku. Lembani maphunziro amene munachita ndi misonkhano imene munapitako, basi.

Mphunzitsi wa anamwino, anachita MPH: Zoti amafuna munthu woganiza ndi manambala mwanena zoona, koma kuchotsa wodi ayi. Misonkhanoyo ili kale pa CV. Wodi ndiye chuma chimene achemwaliwa ali nacho, chongofunika n'kuisimba mwanzeru. Achemwali, kutentiko munaona chiyani chimene diripi sikanatha kuchiza?

Namwino wa pachipatala cha boma: Polemba m'kaundula ndinaona kuti mayina a midzi iwiri akungobwerabwera. Pofunsa owadikirira, ambiri ankati mjigo unawonongeka, akutunga pachitsime chosatetezedwa cha kudambo. Ndinauza a zaumoyo ndi ukhondo, alangizi a zaumoyo anapita ndi kolorini.

Mphunzitsi wa anamwino: Ndime yanu yoyamba ndi imeneyo, ziganizo zinayi zokha: munali kuti, munaona chiyani m'kaundula, munafunsa ndani, munachita chiyani. Osatchula dzina la wodwala, ngakhale la mudzi lingasiyidwe.

Ndime yachiwiri ndiyo imapambanitsa, ndipo ambiri amaiopa. Nenani chimene simunathe kuchita. Munali ndi chiwerengero cha odwala, koma cha anthu okhala m'midzimo munalibe. Tiyerekeze kuti mudzi wina watumiza odwala 30 mwa anthu 3,000, wina 20 mwa anthu 500. M'kaundula woyambawo ukuoneka woipa. Koma ndi odwala 10 pa anthu 1,000 alionse, pamene wachiwiri ndi 40. Komanso kaundula amangoona amene afika pachipatala. Mudzi wakutali, kumene anthu akufera kunyumba kapena panjira, umaoneka ngati uli bwino. Ndipo simunafunse amene sanadwale ngati nawonso ankamwa pachitsime chomwecho, ndiye simungatsimikize kuti gwero ndi chitsimecho. Mukalemba kuti "ndinaona chizindikiro koma ndinalibe luso lochiyesa," wowerenga adzadziwa yekha chifukwa chake mukufuna epidemiyoloje, phunziro la mmene matenda amafalikira pakati pa anthu, ndi maphunziro a ziwerengero. Kenaka tsegulani ndandanda ya maphunziro a sukuluyo, mutchulepo awiri okha otseka mpata umenewu. Kalata ya KUHeS ndi ya kunja zisiyane pamenepa.

Musalembe kuti munathetsa kolera m'deralo. Odwala akachepa, mwina ndi kolorini, mwina katemera, mwina mvula yaleka. Owerengawo ndi anthu odziwa zimenezi, aona msanga kuti mwakokomeza.

Mzamba wa kuchipatala cha mishoni: Ine yanga anandikana chaka chatha, koma vuto silinali kalata, ndi tchuthi cha maphunziro chimene akuluakulu anachedwa kusayina. Yambani kuyenda m'maofesi panopa, asisita.

Namwino wa pachipatala cha boma: Zikomo amayi, za tchuthizo ndaziyamba kale. Aphunzitsi, nanga zoti ndatopa ndi ntchito ya usiku ndiponso kuchepa kwa anthu pawodi? Ndi zoona ndithu, sindikufuna kunama.

Mphunzitsi wa anamwino: Tonse tikudziwa kutopa kwake, ndipo si bodza kusalemba za kutopako. Kalatayi ikuyankha funso lakuti mukupita kuti. Mukadzaza ndi zimene mukuthawa, adzaganiza kuti digiri iliyonse ingakukwanireni. Ndime yomaliza itchule ntchito yeniyeni: mwachitsanzo kulondoloza matenda paboma, kuunika malipoti a sabata ndi sabata ndi zolowa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yosungira malipoti a zaumoyo, kuti mliri uzidziwika usanadzaze matenti.

Namwino wa kuchipinda cha opaleshoni: Pamenepo ndagonja. Koma ndikuumirirabe kuti anene poyera kuti unamwino akuusiya. Akapanda kutero adzaoneka wa mitima iwiri.

Mzamba wa kuchipatala cha mishoni: Ayi achimwene, layisensi ya ku Khonsolo ya Anamwino ndi Azamba munthu sataya. Ntchito zambiri za mapulojekiti zimafuna munthu wokhala nazo zonse ziwiri.

Namwino wa pachipatala cha boma: Pamenepa sindinaganize bwino, ndikufuna ndigonepo kaye. Ndilemba ndime ziwiri zoyambazo usiku uno. Funso lina: kukoleji phunziro la kafukufuku ndinangokhoza pang'ono. Ndizitchule ndekha kapena ndidikire andifunse?

Mphunzitsi wa anamwino: Zimenezo zidalira kuti kuchokera nthawi imeneyo mwachitapo chiyani ndi manambala. Ngati mumalemba lipoti la pamwezi la wodi, kapena munachita kosi yaifupi, tchulani m'chiganizo chimodzi pamodzi ndi umboniwo. Ngati palibe, tumizani kaye ndimezo tione.