Nditumize lero kapena ndidikire kwacha igwe?

Mlendo ku Germiston: Akuluakulu thandizeni. Ndasunga R3,000 ya malata kumudzi. Akuti kwacha aigwetsanso. Nditumize lero kapena ndidikire? Mmisiri akufuna yankho mawa.

Mayi a Mapasa: Osapatsira wa basi mwana wanga. Ine wanga anazimitsa foni ku Mwanza.

Dalaiva: Tayambanso kutukwanidwa ife.

Wa ku Mangochi: Dikira mphwanga! Mu Novembala 2023 anagwetsa ndi 44 peresenti. Madola 100 ankapereka pafupifupi K118,000, kutacha K170,000. Amene anatuma dzulo lake analira.

Madala a ku Welkom: Masamu alondola, koma malata sagulidwa pa mtengo wa ku banki. Wasitolo akapita ku banki kukafuna madola amamuuza kuti kulibe, ndiye amakawagula kuseri modula. Mtengo wa malata unakwera kale potsatira wakuseriwo. Boma likamagwetsa limangovomereza zimene msika unachita kale, komabe asitolo amapezerapo mpata wokwezanso. Udzalandira makwacha ambiri, malata osachuluka. Ikanakhala fizi yolembedwa kale m'makwacha, kudikira kukanakupindulira.

Dalaiva: Mlamu wanga akuti agwetsa Lachisanu. Zotsimikizika.

Mayi a Mapasa: Mlamu wanu yemweyu anati mapemiti aulere akubwera 😂

Wa ku Mangochi: Bwanji osangoimangirira kwacha ku randi ngati Asutu? Loti yawo imodzi, randi imodzi, mutu suwawa.

Madala a ku Welkom: Ndagwira nawo mu mgodi zaka zambiri. Zoona, akatuma R500 kwawo imafika 500, ndipo randi amagulira ku Maseru. Koma banki yawo yaikulu imayenera kusunga ndalama zakunja zokwanira loti iliyonse imene yatulutsa. Pretoria ikakweza chiwongoladzanja nawonso amakweza, kaya kwawo malonda afooka. Ife ndi fodya wa nyengo imodzi, feteleza ndi mafuta zoitanitsa chaka chonse, nkhokwe imeneyo tiitenga kuti? Nthawi ya a Bingu kwacha tinaigwira mwamphamvu. Zotsatira zake anthu kugona pamzere wa mafuta.

Wa ku Mangochi: Nanga a Joyce Banda ataisiya kuti iziyenda yokha mu 2012? Mafuta anabwera, inde, koma sopo anafika pati? Mayi anga sadya mizere yaifupi.

Madala a ku Welkom: Apo sindikutsutsa. Kwina umalipira pamzere, kwina pasitolo.

Mlendo ku Germiston: Ndiye nditumize?

Mayi a Mapasa: Inu obwera dzulo, muzipereka kaye moni musanafunse za ndalama.

Dalaiva: Loweruka ndikunyamuka ndi katundu. Malo a mafiriji awiri alipo.

Mayi a Mapasa: Mudzanditengereko usipa ndi ufa woyera. Ufa wa kunowu nsima yake siigwira pamimba. Mvula yoyamba ija kwathu, fungo la dothi... eeh.

Mlendo ku Germiston: Moni nonse. Malata aja?