Ndinadina Cancel tsiku la 9, koma madola 480 anga sakubwera

Anaphiri, Namiasi: Anzanga a malo ogona alendo, ndithandizeni nzeru. Pa 3 Febuluwale ndinalipira pulogalamu ya pa intaneti yolemberamo alendo ndi zipinda, ya kampani ina ya ku Ulaya, madola 480 a chaka chonse. Patangotha sabata ndinaona kuti si yathu: netiweki ikangothawa, mtsikana wa pa kauntala sangaone ngakhale chipinda chimene chili ndi munthu, ndiye tinabwerera ku kaundula wathu wa pepala. Pa 12 Febuluwale ndinadina `Cancel subscription`, ndipo panalembedwa kuti zatheka. Ndinamva kuti ukagula chinthu pa intaneti uli ndi masiku 14 osinthira maganizo. Lero ndi pa 10 Malichi, ndalama osaoneka. Ndilowere kuti?

Che Saidi, Makawa: Mayi, musadere nkhawa. Ine ndakhala ku Joni zaka zambiri, kumeneko lamulo limati masiku 7 ukagula pa intaneti, ndipo azungu a ku Ulaya awo ndi 14. Inu munathetsa tsiku la 9, kampaniyo ndi ya ku Ulaya, basi mwawina. Alembereni mwaukali, akubwezerani yonse.

Bambo Mbewe, owerengera ndalama pa Boma: Che Saidi, manambala mwatchulawo ndi oona, koma pali pamene mwadumpha. Masiku 14 a ku Ulaya ali m'lamulo lawo la 2011, ndipo anaikira munthu wogula zinthu zoti agwiritse ntchito pa moyo wake, osati pa bizinesi. Mayiwa anagula pulogalamu yoyendetsera loji ya zipinda zolipiritsa. Ngakhale lojiyo ikanakhala mu Berlin, lamulolo silikanawagwira dzanja. La ku Joni la masiku 7 lili m'lamulo la 2002 la malonda a pa intaneti, koma limasiya kunja ntchito imene yayamba kale ndi chilolezo cha wogulayo masikuwo asanathe, ndipo mayiwa anayamba kulowetsa alendo tsiku lomwelo. Chotsala n'chimodzi: zimene kampaniyo inalonjeza yokha m'mgwirizano umene munavomereza podina kabokosi kaja. Makampani ambiri amapereka masiku 14 kapena 30 kwa aliyense mwa kufuna kwawo, koma amaikanso njira yawoyawo yopemphera. Mayi Phiri, tsegulani `Terms of Service` kapena `Refund policy` pansi pa tsamba lawo, mutiuze zimene zalembedwa. Muonenso pa `Billing` kuti akaunti yanu ikuti chiyani.

Achisale, Monkey Bay: Ife kuno mlendo akathetsa kutatsala sabata timadula theka la dipoziti, akathetsa dzulo lake sitibweza kanthu. Chaka chatha gulu la msonkhano linatichititsa kugula chambo chodzadza filiji kenako osabwera. Musamawanyengerere mayi.

Anaphiri, Namiasi: Achisale, apa mlendo wothetsayo ndine! Bambo Mbewe, ndapeza. Pa `Billing` palembedwa `Active until 3 February`, chaka cha mawa. M'malamulo awo akuti ukafuna ndalama yonse ulembere imelo ku ofesi yawo ya zolipira pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku logula. Masikuwo akapita, akuti angathe kubweza ya miyezi yotsala, koma miyezi imene wagwiritsa ntchito aiwerengera pa mtengo wa olipira mwezi ndi mwezi, womwe ndi madola 55. Imelo sindinalembe. Ndimayesa batani lija likukwanira.

Bambo Mbewe: Apo ndiye pagona nkhani. Batani limenelo m'mapulogalamu ambiri limangotanthauza kuti chaka chikatha asadulenso ndalama pa khadi. Silipempha kubweza kanthu. Chizindikiro chake n'chimene mwaonacho: akauntiyo ikadali yamoyo mpaka chaka cha mawa. Akanakhala kuti akubwezerani, akanakutsekerani pakhomo kapena kukutsitsirani ku yaulere, ndipo mukanalandira imelo yotchula ndalama imene ikubwerera. Kwa iwo, inu mukadali kasitomala amene walipira chaka ndipo sadzapitiriza.

Tsopano tiyeni tiwerenge, kuti polemba musapemphe nambala yolota. Madola 480 pa miyezi 12 ndi 40 pa mwezi. Mtima wanu ukuti mwadya miyezi iwiri, ndiye yatsala 10, akubwezereni 400. Iwo sawerenga choncho. Mtengo wa 40 anakupatsani chifukwa munalonjeza kukhala chaka. Mukachoka msanga, kuchotserako amakulanda. Mwezi woyamba unatha pa 2 Malichi, wachiwiri mwaulowa pa 3 Malichi, ndipo kawirikawiri mwezi woyambidwa amauwerenga wathunthu. Miyezi iwiri pa 55 ndi 110. Chotsani pa 480, yatsala 370. Mukachedwa mpaka pa 3 Epulo mwalowa wachitatu, itsika kufika 315. Mukafika mwezi wa 9 palibe chobwera, chifukwa 55 kuchulukitsa ka 9 ndi 495, yaposa kale imene munalipira. Choncho kalata ipite lero, isadikire kuti tigwirizane kuno.

Ndikuchenjezeninso pa mawu oti "angathe". Akalemba choncho ndiye kuti sanadzimange. Akhoza kungokusungirani ndalamayo m'akaunti kuti mugulire zinthu zawo zomwezo, zimene kwa inu n'chimodzimodzi kukana. Munene poyera kuti mukufuna ibwerere pa khadi.

Mayi Jafali, Chembe: Zinandionekerapo ine, koma mwa mtundu wina. Yanga inali yosungira zithunzi ndi tsamba la loji. Chaka chinatha ine osakumbuka, anangodula okha pa khadi m'nyengo ya mvula, alendo kulibe, malipiro a antchito ali pakhosi. Ndinalemba tsiku lachitatu lomwe, anandiyankha kuti masiku 30 awo ndi a wogula koyamba, osati wopitiriza. Ndinakakamira mpaka anabweza theka. Chimene ndinaphunzira n'chakuti woyankha koyamba pa kabokosi ka macheza kaja alibe mphamvu pa ndalama, amangokuwerengera malamulo. Pemphani kuti nkhani ipite kwa a zolipira, ndipo akupatseni nambala ya dandaulo. Kodi pa 12 paja simunalankhule ndi aliyense?

Anaphiri, Namiasi: Mwandikumbutsa. Nditadina batani panatuluka kabokosi kofunsa chifukwa. Ndinalemba m'Chingerezi changa chomwechi kuti pulogalamu siikugwira kwathu kuno ndipo ndikufuna ndalama yanga. Mwana wanga anajambula chithunzi cha pa kompyuta ndi foni, tsiku likuoneka pakona.

Bambo Mbewe: Chithunzicho musachitaye, ndicho mutu wa mlandu wanu. Sichikukupatsani ufulu wonse, pakuti malamulo awo akuti imelo, ndipo kabokosi kofunsa chifukwa si imelo. Koma chikuonetsa kuti tsiku la 9, masiku 14 asanathe pa 17 Febuluwale, munawauza m'nyumba mwawo momwe kuti mukufuna ndalama. Kalata ikhale yaifupi. Mutchule nambala ya lisiti, tsiku logula, tsiku lothetsa, muphatikize chithunzicho, ndipo munene kuti kuyambira pa 12 simunalowetsemo mlendo aliyense. Iwo amaona okha m'makina awo ngati akaunti ikugwira ntchito, choncho nenani zimenezi ngati zili zoona basi. Pemphani 480 yonse. Chiganizo chomaliza chinene kuti ngati akana, mukupempha kuti tsiku lothetsera aliwerenge pa 12 Febuluwale, osati lero. Akavomera zimenezo ndi mwezi umodzi wokha wodyedwa, mulandira 425 m'malo mwa 370. Ndipo musalowemonso kukasuntha zinthu kufikira atayankha, kupatula kukopera mayina a alendo anu, chifukwa akabweza ndalama akauntiyo itsekedwa.

Che Saidi, Makawa: Zonsezi n'zozungulira. Pitani ku banki mukanene kuti simukuidziwa ndalamayo, banki ikailanda yokha. Mnzanga anatero, inabwera.

Bambo Mbewe: Ayi Che Saidi, limenelo ndi bodza lolembedwa pa fomu ya banki ndi siginecha yanu pansi. Kampaniyo ingotumiza umboni woti mayiwa analembetsa okha n'kugwiritsa ntchito masiku 9, mlandu watha, khadi latsekedwa pachabe. Njira ya ku banki ilipo, koma imagwira bwino pamene wogulitsa walonjeza kubweza n'kusabweza, kapena waphwanya malamulo ake omwe. Imakhalanso ndi malire a nthawi, kawirikawiri masiku 120, choncho si yoiwala mpaka chilimwe. Muyambe mwapeza yankho lolembedwa.

Anaphiri, Namiasi: Pali china sindinanene. Khadi langa la kuno linakana kulipira madola, paja mukudziwa za ndalama zakunja masiku ano. Analipira ndi mlongo wanga wa ku Joni ndi khadi lake, ine ndinapereka makwacha kwa akazi ake kuno.

Mayi Jafali, Chembe: Eee, ndiye ndalamayo mwina mumaidikira pa khomo lolakwika! Amabweza pa khadi lomwe linalipira, osati kwa mwini akaunti. Ikabwera idzagwera kwa alongo anuwo m'marandi, pa mtengo wa dola wa tsiku limenelo, ndipo kandalama kamene banki inadula posintha ndalama nthawi zambiri sikabwerera. Mugwirizane nawo lero lomwe kuti adzakupatsani bwanji, zisadzadanitse pachibale.

Bambo Mbewe: Mayi Jafali anena zoona, ndipo zikutanthauzanso kuti wokadandaula ku banki ndi alongo anuwo, ku banki yawo ya ku Joni. Ya kuno singakuthandizeni pa khadi la munthu wina. Kampani ikadzati yabweza, pemphani nambala yotchedwa `ARN`. Ndi imene banki imalondolera ndalama ikasochera panjira.

Achisale, Monkey Bay: Tsopano ndamva. Nanga bungwe la CFTC lija loona za ogula silingalowererepo?

Bambo Mbewe: Madandaulo amalandira, ndipo wogulitsa akanakhala wa ku Blantyre kapena Lilongwe ndikanati pitani. Koma kampani yopanda ofesi ngakhale wothandizira m'dziko muno, kalata aipereka kwa ndani? Ine sindingayambire kumeneko.

Che Saidi, Makawa: Ine ndikuonabe kuti mukuwaopa kwambiri azunguwa. Mayiwa akangotchula lamulo la masiku 14, ndani akafufuze ngati ndi loji kapena nyumba?

Anaphiri, Namiasi: Lisiti yawo yalembedwa dzina la loji, Che Saidi, ndinalemba ndekha pogula. Kalata ndatumiza monga ananenera Bambo Mbewe, ndi chithunzi chija. Makina awo ayankha kuti munthu adzandilembera pakatha masiku atatu a ntchito, ndipo nambala ya dandaulo andipatsa. Alongo anga akuti pa khadi lawo sipanalowe kanthu. Akakana 480 n'kundipatsa 425, nditenge kapena ndilimbe?

Mayi Jafali, Chembe: Ine ndikanatenga tsiku lomwelo.

Che Saidi, Makawa: Ine ayi. Madola 55 ndi makatoni angati a sopo wa m'zipinda amenewo?