Za Agogo wa pa Okosijeni Moto Ukabuka

"Bambo woyang'anira, mwatigawira ntchito, koma agogo ali pa okosijeni awatulutsa ndani?" anafunsa anamwino.

Mayi, mwezi watha sindinayankhe mokwanira. Tayeserera zochita moto ukabuka pa chipatala chathu kuno ku Kasungu, ndipo mlonda anathamangira chozimitsira moto, agogo n'kutsala okha. Zinandiwawa kwambiri, choncho ndasintha kagawidwe ka ntchito.

Inuyo muyambe kutseka silinda ya okosijeni, chifukwa mpweya umenewu umakolezera moto. Wothandizira odwala abweretse njinga ya odwala. Ikasowa, anthu awiri anyamule agogo pa bulangete, mutu utsogole. Kukakhala utsi, weramani.

Tikumane pansi pa mtengo wa mango. Kalaliki aitane mayina kuchokera m'kaundula, ndipo agogo alumikizidwe ku silinda yaing'ono pomwepo, kutali ndi moto.