"Kupatsa n'kuika": agogo amatanthauza chiyani pamenepa?

Nangozo wa ku Lizulu:
Akuluakulu ndithandizeni. Azakhali athu a ku Bembeke anamugulira mng'ono wanga chitenje chachikasu chowala kwambiri, pomwe iye amadana ndi mtundu umenewo. Polandira anakuwa kuti, "Iii azakhali, chimenechi ndiye chomwe ndimafuna!" Azakhali atapita, agogo anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Kupatsa n'kuika, mwanawe." Ine mwambiwu ndimaudziwa kuti amauza munthu woumira kuti azipatsa anzake. Nanga agogo anaunenera bwanji kwa wolandira?

Mlimi wa Kachewere:
Nkhani ndi ngongole, amayi. Wopatsa waika chimanga m'nkhokwe, ndipo nkhokweyo ndi mng'ono wanuyo. Agogo amamukumbutsa kuti tsiku lina adzabweze.

Anaphiri a ku Mphate:
Mwandikumbutsa malemu agogo anga. Munthu akabwera ndi kanthu, kaya maungu, kaya nkhuku yowonda, ankagwada, kuwomba m'manja, kulandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwandikumbuka, mwavutika nawo ulendo wonsewu." Sindinawamvepo akuti "ndachikonda" pa chinthu chomwe sanachikonde. Anali osadya bowa, koma wina akabweretsa ankati, "Ha, munadzuka m'mamawa kukazula m'mame muja chifukwa cha ine?" Bodza palibe, ndipo mwini bowa ankabwerera ali wosangalala. Ankatiuza kuti uzithokoza dzanja lomwe lakupatsa. Ndiye ndikuganiza kuti agogo anu amati azakhali anaika mtima wawo pamenepo, ndipo mwanayo anasiya mtimawo n'kuyamba kutamanda nsalu.

Mphunzitsi Wopuma:
Anaphiri alondola. Bodza lotere limabala mavuto awiri. Azakhaliwo amva kuti chikasu ndiye kumtima kwa mwana wawo, choncho Khirisimasi ikubwerayi akagulanso chachikasu. Komanso adzayembekezera kumuona atavala ku tchalitchi kapena ku ukwati, ndipo akapanda kuchiona adzazindikira okha kuti ananamizidwa. Pamenepo amapwetekedwa kuposa akanangouzidwa zikomo wamba.

Mawu oona analipo ambiri. Akanati, "Azakhali mwandiveka, Mulungu abwezere pomwe mwachotsa." Kuveka amuvekadi, ndalama achotsadi. Akanafunsanso kuti anachipeza kuti, chifukwa wopatsa amakonda kufotokoza mmene anasankhira ndi mmene ananenerera mtengo pamsika. Nkhani ikalowera kumeneko, za kukonda kapena kusakonda sizibweranso.

Mlimi wa Kachewere:
Aphunzitsi, zonsezo n'zabwino koma mwambiwo sukunena za bodza. Kuika ndi kusungitsa. Ine ndikampatsa mnzanga mbewu ya kachewere chaka chino, ndikudziwa kuti yanga ikadzaola ndikagogoda kwa iye.

Mtengwa wa ku Tsangano:
Nanga akakufunsa maso ndi maso kuti "mwachikonda?" Apongozi anga anandipatsa juzi la kaunjika lofika m'mawondo, n'kuima pomwepo kudikira kuti ndiyese.

Anaphiri a ku Mphate:
Achemwali, pamenepo mumafunafuna choona chimodzi n'kuima pa icho. Juzi lalikulu ku Tsangano, ndi kuzizira kwa mu Juni kuja, simungalephere kunena kuti, "Amayi, ili ndiye lofunda, chisanu chino sindichimva." Koma muyambe mwaligwira n'kuona ngati lilidi lokhuthala. Mukatamanda kulimba kwa nsalu yoti ikuonekera kuwala, apongozi nawo ali ndi maso. Za kukula kwake mutha kunena mwaulemu kuti mukalipinditsa kwa telala, zimenezo sizinyoza munthu.

Mtengwa wa ku Tsangano:
Ine ndinangoti "zikomo, ndi mawa lomwe." Kodi pamenepo sindinapemphe juzi lina?

Mphunzitsi Wopuma:
Ayi, "ndi mawa lomwe" amapempha kuti mtima wopatsawo usathe. Koma kwa mwamuna wanu kapena mchemwali wanu weniweni, amene azikugulirani zinthu moyo wonse, ndi bwino kudzanena zoona pakapita masiku, muli awiri, osati pa tsiku lolandira.

Gogo Nabanda:
Ana a masiku ano ngakhale bodzalo alibe nalo nthawi. Mdzukulu wanga ndinamupatsa mtedza wokazinga, analandira ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pa foni, n'kuti "shapu gogo." Shapu ndiye chiyani? Kugwada kunatha, kuwomba m'manja amati n'zachimidzi.

Mnyamata wa pa Boma:
Agogo, "shapu" ndi zikomo yemweyo, ndipo bola ife sitinama. Chinthu chikatinyansa timanena.

Gogo Nabanda:
Kunena chilichonse chobwera m'kamwa si chilungamo, mwana wanga, ndi mwano.

Mlimi wa Kachewere:
Mwasochera nonse. Amayi Nangozo, kawafunseni agogowo, mudzandiuza ngati sanena za kubweza.

Nangozo wa ku Lizulu:
Ndinawafunsa dzulo, bambo. Anangoti, "Chitenjecho achivale azakhali ake akamabwera Loweruka," n'kupitiriza kusola nyemba zawo.