Tinawapatsa mapuloti, koma abwerera kumtsinje

Wamapulani: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Chaka chatha tinasamutsa mabanja okhala m'mphepete mwa mtsinje muno mu Lilongwe, komwe madzi amalowa m'nyumba dzinja lililonse. Mapuloti tinawapatsa kunja kwa tauni. Ndapita kumtsinjeko sabata ino, ndapeza zovala zili pachingwe, mbaula zikufuka pakhonde, nkhope zina zomwe zija. Mu lipoti ndilembe chiyani?

Saveya Phiri: Nkhani ndi mapepala basi. Munthu wopanda lizi sakhazikika. Apatseni mapepala muone ngati angachoke.

NaBanda: A Phiri, mapepalawo amagwira mtima wa mwini nyumba yekha. A Wamapulani, pa kalembera munalemba ndani, eni nyumba kapena ogonamo?

Wamapulani: Eni ake, mayi. Mndandanda anatipatsa ndi amfumu.

NaBanda: Ndiye pamenepo. John Turner, amene anagwira ntchito m'madera otere ku Lima, ku Peru, anaona kuti anthu osauka m'tauni safuna zofanana. Wongofika kumene amafuna chipinda cha lendi pafupi ndi ganyu, poti afikeko wapansi m'mamawa. Za puloti amaziganiza pakapita zaka, ndalama ikayamba kubwera mwezi ndi mwezi, ndipo apo mtunda amaupirira. Inu puloti munapatsa landilodi, yemwe mwina amakhala kwina, wosauka weniweni n'kutsala. Ndipo mlonda amene analandira puloti, minibasi yopita ndi kubwera ikamudyera theka la malipiro, agulitsa n'kubwerera. Si umbuli, wawerengera bwinobwino.

Mwale wa ku Zomba: Ife kusukulu anatiphunzitsa za katswiri wa ku America, Burgess, amene ankati osauka amazungulira pakati pa mzinda, olemera kunja. Si zomwezo?

NaBanda: Ameneyo ankanena za Chicago ya mu 1925, achimwene. Lilongwe anachita kuijambula papepala isanakhale likulu mu 1975, maeriya motalikirana. Kuno anthu amatsata ntchito: Kauma ali pambali pa Eriya 12, Mtandire pa Eriya 47, Mgona kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Ochapa, olondera ndi osamalira maluwa kumayadi amachokera kumeneko.

Che Yusufu: Kwathu ku Ndirande pali chinanso. Wobwera kuchokera kumudzi amafikira kwa mbale wake, mbaleyo ndiye amamupezera chipinda ndi ganyu ku Makata. Amayi ali ndi chipereganyu chawo, ngongole ya ufa pa okala, woyang'anira mwana akapita kumsika. Zimenezi sizikwera lole.

NaBanda: Bwererani khomo ndi khomo, osadzera pa mndandanda. Funsani ngati akuchita lendi, afika liti, kuntchito amayenda nthawi yaitali bwanji, ndipo anawalandira ndani. Ochita lendi akachuluka, m'lipotimo pemphani zipinda zotchipa kumtunda, koma dera lomwelo.

Saveya Phiri: Mukangolengeza kuti ochita lendi nawonso alandira, pofika mawa chipinda chilichonse muli mabanja atatu. Nanga malo kumtundako muwatenga kuti?

Wamapulani: Tingaike tsiku lotsekera kalembera tisanalengeze. Koma za malozo a Phiri akunena zoona, amfumu anagawa kale mpaka bwalo la mpira.