Wofufuza antchito wanditumizira khodi ya mayeso, ndiyiyendetse?

Tadala: Anzanga opanga mapulogalamu, ndithandizeni nzeru. Lolemba mayi wina anandipempha pa LinkedIn kuti tilumikizane, akuti amafufuzira antchito kampani ina yakunja. Ndinavomera nditaona kuti anthu 14 amene ndimawadziwa ndi olumikizana naye kale. Za ntchito zanga zakale sanafunse kwenikweni, koma malipiro amene anatchula ndi kuwirikiza katatu amene ndikulandira. Lero wanditumizira linki ya GitHub kuti ndikonze kavuto kena m'khodi pasanathe maola 24. Ndayikopera pa kompyuta koma sindinayiyendetse. Mtima ukukana, komanso ntchitoyo ndikuyifuna.

Limbani: Achemwali, ngati sanakupempheni ndalama musaope. Akuba amayamba ndi ya fomu kapena ya viza. Mayeso a khodi tonse tinalembapo.

Nabanda: A Limbani, zoti wopempha ndalama ndi wakuba n'zoona, koma ife a khodi satipempha ndalama, amafuna za m'kompyuta. Mu 2023 akatswiri a chitetezo cha makompyuta a Unit 42 ku kampani ya Palo Alto Networks anaulula chinyengo chotchedwa Contagious Interview, ndipo chimayenda ndendende mmene a Tadala afotokozera. Mukalemba `npm install`, malamulo amene ali pa `preinstall` kapena `postinstall` mu `package.json` amayenda okha osakufunsani. Pamenepo kapulogalamu kobisika kamatola mapasiwedi osungidwa mu bulawuza ndi makiyi a zikwama za ndalama za kiripito, n'kutumiza kwa eni ake. Ena amadalira ichi:

```
npm install --ignore-scripts
```

Chimathandiza, koma sichokwanira, chifukwa nthawi zambiri khodi yoipayo imakhala m'fayilo wamba imene imayenda mukangolemba `npm start`.

A Tadala, musanachite chilichonse, dinani `More` pa mbiri ya mayiyo, kenako `About this profile`, muone kuti akauntiyo inatsegulidwa liti. Mutenge dzina limene lili kumanja kwa @ pa imelo yake, muliyese ndi `whois`, muone tsiku limene linalembetsedwa. Khodiyo iwerengeni ndi maso okha.

Tadala: Ndaona, ndipo thupi lazizira. Akaunti inatsegulidwa miyezi iwiri yapitayo, pamene mbiri ikuti wagwira pa kampaniyo zaka 9. Imelo ili ndi dzina la kampani koma awonjezerako `-careers`, ndipo linalembetsedwa masabata atatu apitawo. Mu `package.json` mulibe chachilendo. Koma m'fayilo ina muli mzere wooneka wopanda kanthu. Nditaukokera kumanja ndapeza zilembo zambirimbiri zosawerengeka.

Nabanda: Ndi chimenechotu. Amachikankhira kutali ndi mipata kuti chisaoneke pa sikirini. Fufutani foda yonse. Mukafuna kutsimikiza za ntchitoyo, lemberani kampaniyo kudzera pa adiresi imene ili pa webusaiti yawo yeniyeni, osati imene wakupatsani iyeyo.

Limbani: Chabwino, ndavomera. Koma akaunti yatsopano si umboni pa yokha. Alipo amene amaba akaunti ya munthu ya zaka khumi n'kusintha chithunzi. Pamenepo tsikulo silikuuzani kanthu.

Nabanda: Zoona, n'chifukwa chake khodi ya munthu wosamudziwa ndimayiyendetsa m'kompyuta yongoyerekeza ya VirtualBox, mopanda mapasiwedi anga, ngakhale mbiri yake ioneke yoyera bwanji.

Chikondi: Ine changa n'china, koma chikundiwawabe. Chaka chatha ndinkavomera aliyense wopempha, poganiza kuti kuchuluka kwa anthu ndiko kudziwika. Wina mwa iwo analembera mtsikana amene ndinamuphunzitsa ntchito, n'kumuuza kuti ndine ndamutchula. Mwanayo anatumiza chithunzi cha pasipoti chifukwa chokhulupirira dzina langa. Anandiimbira patapita sabata kudzathokoza, ine osadziwa kanthu. A Tadala, anthu 14 aja ndiwo anakukopani. Panopa inu ndinu wa 15, ndipo wina akukopeka poona dzina lanu.

Tadala: Mwandilasa pamtima, achemwali. Ndiye ndimuchotse pompano?

Chikondi: Yambani mwajambula mauthenga onse, kenako `Report`, ndiye mumutsekere. Alembereni 14 aja mmodzimmodzi kuti nawonso amuchotse. Pa `Visibility` muzimitsenso `Who can see your connections`, ngakhale anthu amene nonse mukuwadziwa amaonekabe.

Limbani: Bwanji osangoika dzina ndi chithunzi chake poyera kuti onse achenjere?

Nabanda: Apo ndiye ayi. Chithunzicho ndi dzinalo zikhoza kukhala za munthu weniweni amene waberedwa, ndipo mungamuipitsire mbiri wosalakwa, mlandu n'kukhala wanu. Fotokozani njira imene anagwiritsa ntchito, nkhope muisiye.

Limbani: Koma popanda dzina anthu amuzindikira bwanji? LinkedIn isanamuchotse adzakhala atagwira ena angapo.

Tadala: Foda ndafufuta, lipoti ndatumiza. Mwa 14 aja ayankha atatu, ndipo mmodzi akuti linki yomweyo anailandira dzulo, anayiyendetsa kale pa laputopu ya kuntchito. A Nabanda, ndimuuze ayambe ndi chiyani?

Nabanda: Laputopuyo ayichotse pa intaneti pompano, auze a chitetezo cha makompyuta kuntchito kwake lero lomwe, asabise. Mapasiwedi asinthire pa chipangizo china, osati pa laputopuyo.